Liwu limene ndinakana kusintha pa tsamba lachisanu ndi chimodzi

Amalume anabwera nacho chikalatacho m'chikwama chawo chachikopa, chija ankapita nacho ku ntchito masiku amene ankayeza magalimoto. Anachiika pa tebulo langa mosamala ngati mazira. Masamba khumi ndi anayi, lililonse lomatidwa pulasitiki, lililonse ndi chidindo chofiirira pakona.

"Mwana wa mlongo wanga," anatero, "sukulu yako ija yapeza ntchito tsopano."

Ndinakhala ku Japan zaka zisanu ndikuphunzira za makina, ndipo chibwerereni ndimadya za kumasulira mabuku a mapampu ndi majenereta. Koma kuno ku Matero chimene anthu amadziwa n'chakuti pali mayi wina wowerenga Chijapani. Ndiye aliyense akagula galimoto amaimika pageti panga kuti ndimuuze zimene wailesi ikulankhula akaliza injini. Wina anandidzutsa Lamlungu m'mawa, nkhope ili gwa, akuganiza kuti galimoto ikumuchenjeza za ngozi. Inkangomupatsa moni ndi kumuuza tsiku.

Nkhani ya chikalata inali iyi. Madalaivala ndi eni maminibasi a pa siteshoni yathu anatopa ndi kulandira zitsulo zowola zooneka bwino pa chithunzi. Anapanga kabungwe, napangana ndi wamalonda wina wa ku Japan kuti minibasi iliyonse, isanakwere sitima, iziyamba yayezedwa ndi woyeza wapadera. Ikalephera, wamalondayo aibweza n'kufuna ina. Ikakhoza, ndi yako, ulire usalire. Woyezayo anafunika muyezo wolembedwa, woti aziutsata mzere ndi mzere, ndipo amalume ndiwo anaulemba m'Chingerezi. Ine ntchito yanga inali kuika Chijapani pambali pake, Chingerezi kumanzere, Chijapani kumanja. Pa tsamba loyamba panalembedwa kuti ziwirizi zikasiyana, cholondola ndi Chingerezi.

Mwa minibasi zisanu zoyamba kuyezedwa ndi chikalatachi, imodzi inali ya mlongo wanga, wonditsatira pobadwa. Anayendetsa minibasi za eni zaka khumi ndi ziwiri, Matero kupita m'tauni, m'tauni kubwerera Matero, ndipo imeneyi inali yoyamba kukhala yake. Anali atauza kale abwana ake kuti mwezi ukatha asiya. Ana ake anali atasankha kale mawu oti adzalembe pagalasi lakumbuyo.

Munthu wosadziwa amayesa kuti chovuta pomasulira muyezo ndi maina a zitsulo. Iyayi. Maina a zitsulo ali m'dikishonale. Chimene chimapha ndi timawu titatu. Mu chikalata chotere, shall ndi lamulo: chikasowa, galimoto yalephera. Should ndi langizo: n'chabwino chitakhalapo, koma chikasowa galimoto imadutsabe. May ndi chilolezo: ukafuna chita, ukapanda kufuna palibe akufunse. Ku Japan olemba miyezo ali ndi mathero a ziganizo amene anagwirizana pa zitatuzi, ndipo woyeza amayang'ana kumathero kwa chiganizo asanayang'ane galimoto. Choncho ndisanamasulire mzere ngakhale umodzi ndimalemba kandandanda kutsogolo. Shall ndi shinakereba naranai. Should ndi suru koto ga nozomashii. May ndi shite mo yoi, osati dekiru, chifukwa dekiru akhoza kumveka ngati ukunena kuti chinthu n'chotheka, pomwe ife tikunena za kuloledwa. Pali mathero ena ololedwa, koma ine ndimasankha amodzi pa liwu lililonse n'kukakamira pomwepo mpaka tsamba lomaliza, ngakhale zimveke zotopetsa bwanji. Muyezo si ndakatulo.

Ndinajambula masambawo pa makina, chifukwa pa pulasitiki sungalembepo, n'kutenga zolembera zitatu. Yofiira pa shall, yachikasu pa should, yobiriwira pa may. Pofika tsamba lachitatu ndinali nditayamba kulankhula ndekha.

Makiyi akhale awiri: chofiira. Galimoto itsukidwe isanajambulidwe: chofiira. Mphasa zopondapo zikhalemo: chofiira! Abale inu, minibasi yathunthu ikanidwe chifukwa cha mphasa? Ndinapitirira. Tsamba lachisanu ndi chimodzi, ndime ya za pansi pa galimoto. Amalume analemba bwino kwambiri pamenepa, kuposa pena paliponse. Anafotokoza kuti kumadera ozizira a ku Japan amathira mchere m'misewu kuti usungunule chipale, ndipo mcherewo umadya chitsulo mwakachetechete. Anati chasisi, chitsulo chija chimanyamula thupi lonse la galimoto, chisakhale ndi dzimbiri loboola kapena lofundula. Ndime yabwino, ya munthu amene anagonapo chagada pansi pa magalimoto zaka makumi atatu. Koma liwu lake linali lachikasu.

Ndinaiwerenga katatu. Should. Ndiye kuti woyeza akapeza chasisi chodyeka, alemba kuti langizo silinakwaniritsidwe, adinda kuti yakhoza, minibasi ikwera sitima.

Sizinanditengere nthawi kuona chimene chinachitika. Ndime zimene amalume anakopera m'mafomu akale a ku ntchito kwawo zinali ndi shall, chifukwa mafomuwo ndi mmene analembedwera. Ndime zimene analemba okha, zochokera pansi pa mtima, zinali ndi liwu lililonse limene linawabwerera tsiku limenelo. Pena anasintha dala kuti asabwereze liwu limodzi kawiri m'ndime imodzi, monga anawaphunzitsira ku sukulu ya amishoni.

Womasulira akapeza zotere sakonza yekha. Amalemba mafunso n'kutumiza kwa mwini chikalata. Ndinalemba mafunso khumi ndi asanu ndi awiri, la dzimbiri pamwamba penipeni, n'kupempha kuti komiti ikhale pansi.

Tinakumana Loweruka masana m'kalasi ya Sande sukulu, pa timipando ta ana, mawondo ali m'zibwano. Panali atcheyamani, bambo wonenepa wa maminibasi atatu amene sakonda mkangano, amalume, ndi ena anayi. Ndinagwada pang'ono popereka moni, ndinayamika ntchito ya amalume, ndinazungulira monga mwana wolereka amazungulira. Kenaka ndinati tisavutike ndi Chingerezi. Pa ndime iliyonse ndifunsa funso limodzi lokha: chinthu ichi chikasowa, minibasi itsale ku Japan kapena ibwere?

"Mphasa zikasowa?"

"Ibwere," onse anayankha, ena akuseka.

"Chasisi chikaola?"

"Itsale! Itsale komweko!"

"Ndiye pepala lanu likunena zosemphana ndi zimenezo," ndinatero. "Tisinthe mawu pang'ono m'Chingerezi, ine ndimasulire."

Atcheyamani anayang'ana kudenga. Amalume anavula magalasi, nawapukuta ndi tayi, nawavalanso.

"Ine ndalemba malipoti iwe usanabadwe," anatero. "Ndikauza dalaivala kuti you should fix this, ankathamanga. Palibe anabwerapo kudzandifunsa ngati ndikumupempha."

"Ankathamanga chifukwa ankaona nkhope yanu, amalume. Woyeza wa ku Japan sadzaiona. Adzaona pepala."

Ndinadziwa ndisanatseke pakamwa kuti ndalakwitsa malo. Mawu amenewo akanakoma pakhonde pawo, tili awiri, ndikuwathirira tiyi. Pamaso pa amuna anzawo asanu anali mbama.

Atcheyamani ndiwo anatulutsa chenicheni. Anati chikalatachi chinawerengedwa pa msonkhano waukulu wa mamembala onse, aliyense anakweza dzanja, abusa anachisanjika manja n'kuchipempherera, chinadindidwa tsamba ndi tsamba, n'chifukwa chake anachimata pulasitiki, kuti wina asadzalowetsemo zake. Kale kabungwe kena pa siteshoni yomweyo kanatha chifukwa mlembi ankasintha malamulo ndi bolopeni kunyumba kwake. Kuyambira pamenepo, chomatidwa sichimatulidwa popanda msonkhano waukulu. Msonkhano waukulu umachitika kawiri pa chaka. Wotsatira unali patatha miyezi inayi, ndipo woyeza ankafuna chikalata Lachisanu.

Sindinganene kuti mwambowo ndi wopusa. Unawasunga. Koma tsiku limenelo ndinkafuna kutenga pulasitikiyo n'kuitafuna.

"Itanani msonkhano wadzidzidzi," ndinatero.

"Tikawauze chiyani anthu? Kuti ba mudala, ba malume banu, analakwitsa Chizungu?" Atcheyamani anagwedeza mutu. "Awe, mayi. Vinthu ivi n'vosavuta. Imwe muziba vamene tifuna, mwamvera mweka. Konzani mu Chijapani chanu. Nindani pano azabelenga?"

Onse anavomera ndi mitu, mosangalala, ngati apeza njira yachidule yodutsa pamatope. Ndi amalume omwe anamasuka mapewa. Chingerezi chawo chikhala chosakhudzidwa, chidindo chikhala, pemphero likhala, ndipo bodza lidzakhala kumanja kwa tsamba, m'zilembo zimene wozidziwa ndine ndekha.

Ndinakana. Ndinafotokoza kuti kandandanda kali kutsogolo kakulonjeza woyeza ndi wamalonda kuti paliponse pali should adzapeza nozomashii. Kuti wamalondayo ali ndi anthu owerenga Chingerezi, ndipo tsiku limene minibasi idzakanidwe adzatsegula tsambalo, adzaona kumanzere langizo, kumanja lamulo, adzaloza tsamba loyamba lija lonena kuti Chingerezi ndicho cholondola. Akadzatero sadzakhulupiriranso mzere wina uliwonse, ngakhale wa mabuleki. Ndinalankhula nthawi yaitali. Mmodzi wa iwo anali atayamba kuyankha mauthenga pa foni. Potseka, atcheyamani anapempha amalume kuti apemphere, ndipo amalume anapempherera ana amene maphunziro awakwera m'mutu.

Lolemba madzulo mlongo wanga anaimika minibasi ya abwana ake pageti, injini osazimitsa. Analowa osagogoda, monga amachitira.

"Ba sisi, namvera ati mwakana."

"Ndakana."

"Nanga osangoika vonse vikhale lamulo? Vonse chabe, shall, should, vonse. Ndiye kuti mwalinganiza."

Ndinamutsegulira tsamba lachinayi. Minibasi ikhale yoyera: chachikasu. Matayala onse anayi akhale a kampani imodzi: chachikasu. Mipando isakhale ndi zigamba: chachikasu. Ndinamufunsa ngati anaonapo minibasi yakale yokwanitsa zonsezo. Zikakhala lamulo zonse, palibe galimoto idzakhoze, wamalonda adzataya chikalata chathu m'bini, ndipo iye adzakalamba akudikira pa doko.

"Ndiye sinthani kamodzi chabe. Ka dzimbiri."

"Si kanga kameneko. Ndi ka komiti."

"Komiti inakuuzani kuti musinthe!"

"Inandiuza pakamwa. Auze alembe, asaine, asinthe Chingerezi."

"Ba sisi, ni ine. Si komiti. Ni ine."

Pamenepo ndinakwiya, chifukwa ankanena zoona. Ndinamuuza kuti achotse dzina lake pa zisanu zoyambazi, adikire msonkhano waukulu. Anaseka kuseka kopanda mano. Anati ku ntchito watsanzika kale, wina walonjezedwa kale kiyi wa minibasi imene ili pagetiyo, ndipo mkazi wake wauza mpingo wonse. Ndinamuuza apite yekha kwa amalume akawachonderere. Anati iye si wophunzira, sangakaphunzitse ba malume Chizungu. Anthu onsewa akhoza kukangana ndi wapolisi wa pamsewu ola lathunthu, koma kuuza mkulu mmodzi kuti asinthe liwu limodzi, palibe angayerekeze.

Ndinapita ndekha kwa amalume Lachitatu, ndi buledi ndi shuga m'manja. Azakhali anandilandira bwino, nati amalume agona, mutu. Nsapato zawo zinali pakhomo, wailesi yawo inkamveka kuchipinda ikunena za mpira. Ndinasiya pepala la mafunso pa tebulo. Ndinamva pambuyo pake kuti analiikira pansi pa mwendo wa kabati kuti isagwedere.

Sindibisa, Lachinayi ndinachita chimene ankafuna. Magetsi atabwera ndinatsegula kompyuta, ndinapita pa tsamba lachisanu ndi chimodzi, ndinafufuta nozomashii n'kuika mathero a lamulo. Zinatenga nthawi yochepa kuposa kuthira mchere m'ndiwo. Ndinachiyang'ana chiganizocho, chinkaoneka bwino, cholimba, chonena ndendende zimene amuna aja anafuula m'kalasi ya Sande sukulu. Ndinatumiza kwa mayi wina wa ku Japan, wopuma pa ntchito, amene amawerenga zomasulira zanga zonse zisanapite kwa eni ake, popeza Chijapani si chiyankhulo chimene ndinayamwa. Sindinamuuze kanthu. Mwina ndinkafuna aphonye.

Sanaphonye. Anakonza timawu tina ting'onoting'ono, ndipo pa ndime ya dzimbiri anaika funso limodzi mwaulemu wake wonse: kodi Chingerezi chasinthidwa, kapena dzanja langa linaterereka? Ngati iye anachiona m'mawa umodzi, wamalonda akanachionanso. Ndimadziuza choncho mpaka lero. Ndinabwezera nozomashii, ndinalemba kalata kwa atcheyamani yonena kuti funso loyamba silinayankhidwe ndi zimene zingatsatire, ndinasunga kope, ndinatumiza ntchito Lachisanu.

Malipoti a woyeza anabwera patapita milungu itatu, ndipo anabwera kwa ine, chifukwa anali m'Chijapani. Imodzi mwa zisanuzo inalephera. Inalibe kiyi wachiwiri. Wamalonda anaibweza mosanyinyirika, napeza ina. Zitatu zinakhoza bwinobwino. Ya mlongo wanga inakhozanso. M'munsi mwa chidindo woyezayo analemba ndi dzanja laukhondo kuti langizo la tsamba lachisanu ndi chimodzi silinakwaniritsidwe, dzimbiri lofundula kumbuyo kwa chasisi mbali zonse ziwiri, onani zithunzi. Munthuyo anagwira ntchito yake mosalakwitsa kanthu. Anawerenga zimene ndinalemba, nachita zomwezo.

Atcheyamani analembera wamalonda kudandaula, ine ndikumasulira. Yankho linali lofatsa, la mizere itatu. Galimoto yakhoza malinga ndi muyezo wanu.

Minibasi ya mlongo wanga inafika kudzera pa malire a ku Nakonde mvula itangoyamba. Kunja inali yokongola, yoyera mbee, makiyi awiri, mphasa zonse zilimo. Anaipititsa ku galaja ya kuseri kwa msika, ija ili ndi dzenje loyezera, ndipo theka la siteshoni linabwera kudzaonerera. Mlongo wanga anaima patali, manja m'matumba. Ine ndinaima kumbuyo kwa anthu ndi ambulera.

Amalume anafika atavala ovolosi yawo yakale, imene sindinaione chipumireni pa ntchito. Palibe anawaitana. Anatsika m'dzenjemo pang'onopang'ono, akugwira khoma, tochi m'dzanja lina, sikuludiraiva m'thumba. Tinkamva akugogoda. Kutsogolo chitsulo chinkalira bwino. Pakati chimodzimodzi. Atafika kumbuyo kulira kunasintha, kenaka tinamva kaphokoso ngati munthu waponda chigoba cha dzira, ndipo zofundukira zofiira zinagwera m'madzi a m'dzenje. Sikuludiraiva inalowa mpaka chogwirira.

Potuluka, amalume anakana dzanja la makanika. Anapukuta zala pa ovolosi, natuma kuti chikwama chawo chibwere. Anatulutsa chikalata, natsegula tsamba lachisanu ndi chimodzi pa boneti ya galimoto ina, nasolola bolopeni. Analemba, inki inakana. Anakanikiza, inaterereka pa pulasitiki. Anaigwedeza, anaipumira mpweya, anayesanso.

"Tcheyamani," anatero osatembenuka, "itana msonkhano Loweruka lino. Ndipo wina andipatse sizasi."

Loweruka limenelo anasintha mawu khumi ndi asanu ndi awiri m'mphindi zosakwana makumi atatu. Amalume anawerenga okha mafunso anga, pepala lake lili ndi dindo la mwendo wa kabati pakati. Abusa anapempheranso. Ine ndinasintha mathero a ziganizo kumanja madzulo omwewo, ndipo chiyambire pamenepo minibasi zingapo zatsala ku Japan chifukwa cha tsamba limenelo. Eni ake akandiona pa siteshoni amandikweza ulere, nandikhazika kutsogolo.

Ya mlongo wanga anaiwotcherera zigamba, inayenda miyezi isanu ndi iwiri, kenaka chitsulo chogwira masipuling'i akumbuyo chinazuka ili yodzaza anthu, mwamwayi ikuyenda pang'onopang'ono pa mabampu. Palibe anavulala. Ili kuseri kwa nyumba yake pa njerwa, nkhuku zimaikiramo. Iye anabwerera kukayendetsa za eni, kwa bwana wina wovuta kuposa woyamba uja.

Sitinayambane. Amabwera pa maliro, pa maukwati, amatuma ana kudzandiona. Tsiku lina ndinakwera minibasi yake mosadziwa, ndipo ndinazindikira msana wake nditakhala kale pansi. Tinayenda mpaka m'tauni. Anthu onse atatsika ndinasendera kutsogolo, ndinamuuza kuti chikalata chija tsopano chili bwino, palibenso adzagwe m'dzenje limene anagwamo iye. Sindikudziwa chimene ndinkayembekezera.

Anandiyang'ana pa galasi lija loonera kumbuyo.

"Mukanasiya mmene munasinthira tsiku lija, sembe wamalonda anaona?"

Ndinali nditamuuza ndekha za Lachinayi lija, pofuna kuti adziwe kuti ndinayesa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za tsamba loyamba, za wamalonda, za kandandanda. Zonse zinali zoona, ndipo ndazinena kwa anthu ambiri.

"Kaya," ndinatero. "Mwina sakanaona."

Anagwedeza mutu pang'ono, natambasula dzanja kunditsegulira chitseko.

"Selukani, ba sisi. Nili pa mzere wokweza anthu."